Imelo yogulitsira mbatata ku Mowatize: nditumize kapena ndikonze kaye?

"Zikomo achimwene. Ndine mlembi wa gulu la alimi a mbatata ya kachewere kuno ku Domwe, m'boma la Angoniya. Tilipo anthu 34. Mwana wa mchemwali wanga amaphika pa kampani ina yodyetsa antchito a kumgodi ku Mowatize, ndipo watipezera imelo ya bwana wogula zakudya. Ndisanapereke kalata yanga kwa aphunzitsi kuti aiike m'Chipwitikizi, ndikufuna mundionereko. Ndinamva kuti imelo yotere amaiyesa pa zinthu zinayi: kumveka, kumukhudza wolandira, kutalika kwake ndi pempho. Ndiiyesa bwanji? Yonse ili ndi mawu 430, apa ndaidula:

Assunto: Pempho la mgwirizano

Olemekezeka bwana, tikupereka moni m'dzina la gulu lathu, ndipo tikhulupirira kuti inu ndi banja lanu muli bwino. Gulu lathu linakhazikitsidwa mu 2016 ndi cholinga chothetsa umphawi ndi kutukula amayi ndi achinyamata. (Apa pali ndime ziwiri za mbiri yathu, kukwera mtengo kwa feteleza ndi mavenda otibera.) Timalima mbatata yambiri yabwino kwambiri, komanso nyemba, kabichi ndi chimanga, pa mtengo wabwino. Tikupempha kuti tigwire ntchito limodzi. Tikupemphanso mutithandize ndi nyumba yosungiramo zokolola, ndiponso mudzatiyendere mukapeza mpata. Tidzayamika thandizo lililonse. Taphatikiza zithunzi 14 ndi malamulo a gulu."

Mayi mlembi, musaitumize kaye. Ulemu ulimo, mtima ulimo, ndipo mbatata muli nayodi, koma bwanayo akaiwerenga mmene ililimu alibe poyankhira. Adilesi imene mwapezayi ndi yamtengo wapatali, chifukwa munthu wosakudziwani amatsegula imelo yanu yoyamba ndi chidwi, koma yachiwiri amaitsegula atakumbukira mmene yoyamba inalili.

Pa zinthu zinayi zija pempho limatchulidwa pomaliza, koma ine ndimayambira pomwepo. Simungadziwe ngati ndime ina ndi yotalika mopitirira, kapena ngati mfundo ina ikumukhudza wowerenga, musanadziwe chimene mukufuna kuti iye achite. Zitatu zinazo zimayesedwa ndi pempholo.

Njira yake ndi iyi. Tengani pepala, khalani ngati ndinu bwanayo, ndipo lembani yankho lake mu mzere umodzi. Tinene kuti tsikulo wadzuka bwino ndipo walemba kuti "Inde, ndavomera." Tsopano dzifunseni kuti m'mawa mwake inu muchita chiyani. Mukumba mbatata? Matumba angati? Mufunafuna lole? Muyamba kuumba njerwa za nyumba yosungiramo? Musesa pabwalo podikira alendo? Ngati "inde" wake sakukuuzani chochita mawa, ndiye kuti m'kalatamo mulibe pempho, muli chikhumbo chabe. "Tigwire ntchito limodzi" ndi mawu okoma kuwamva, koma munthu sangawayankhe popanda kukulemberani mafunso asanu, ndipo wogula zakudya amene ali ndi anthu mazana oti adye masana alibe nthawi yolemba mafunso amenewo. Amangoti ndiyankha mawa, imelo ija n'kumira pansi pa zinzake.

Vuto lachiwiri n'loti mapempho alipo atatu, ndipo aliyense ndi wa ofesi ina. Kugula mbatata ndi ntchito ya munthu amene mukumulemberayo. Nyumba yosungiramo zokolola si yake: ndalama zimene iye amasainira ndi za chakudya cha sabata ino, ndipo ngati kampaniyo imathandiza midzi, nkhaniyo imakhala ndi anthu ake ena. Kukuyenderani ndiye kumupempha kuti ataye tsiku lathunthu, akwere msewu wa N7 mpaka ku Musakama, akhotere ku Ulongwe, apitirire mpaka ku Domwe, makilomita oposa 200, kukaona anthu amene sanawagulepo ngakhale kilogalamu imodzi.

Pempho la nyumba lija ndilo likundidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa likuwononga nkhani ya malonda. Mu ndime imodzi mukunena kuti ndinu ogulitsa, mu ndime yotsatira mukuti mudzayamika thandizo lililonse. Wowerenga amasankha chimodzi, ndipo kawirikawiri amasankha chachiwiri, n'kuika kalatayo m'gulu la zopempha chithandizo. Ngati ali wochenjera pa malonda wamvanso china: anthuwa alibe posungira, ndiye mbatata ikakumbidwa agulitsa pa mtengo uliwonse. Mwamuuza nokha pofookera panu musanayambe n'komwe kukambirana mtengo. Nyumbayo mukuifunadi, sindikukana. Ilembereni kalata yakeyake, kwa anthu ena, tsiku lina.

Nanga pempho limodzilo likhale lotani? Likhale laling'ono, loti iye angathe kulivomera yekha osafunsa akuluakulu ake, ndipo likhale ndi tsiku. Kumupempha mgwirizano wa chaka chonse mu imelo yoyamba n'kudumpha makwerero. Pa malonda a mbatata ine ndingasankhe kupempha chilolezo chobweretsa matumba awiri oti ophika ayese, aulere, pa tsiku lotchulidwa. Zimenezo iye sizimudyera ndalama, ophika ndiwo aweruza, ndipo yankho lake likwana m'mawu awiri: "Bweretsani Lachiwiri." Ngati gulu silingakwanitse kutaya matumba awiri ndi ndalama yoyendera, pempho lina labwino ndi kufunsa mapepala amene kampaniyo imafuna kuti munthu alembedwe m'kaundula wa owagulitsa zinthu. Limenelinso limayankhika msanga. Koma musankhe limodzi, osati onse awiri.

Tikakhala ndi pempho m'manja, funso la kumukhudza wolandira limapepuka. Phimbani ndi chala mzere wa moni, muwerenge zotsalazo, ndipo mudzifunse kuti kalata yomweyi mungaitumize kwa ndani osasintha liwu ndi limodzi lomwe. Yanuyi ingapite kwa bwanamkubwa wa boma ku Ulongwe, kwa abambo a ku parishi, ku bungwe lothandiza alimi, ngakhale ku hotela ya mumzinda wa Tete. Kalata yokwana aliyense sinalembedwere munthu. Wolandira amazindikira zimenezi pa mzere wachiwiri, ndipo amaganiza kuti mwaitumiza kwa anthu makumi asanu nthawi imodzi, ndiye wina ayankha.

Yesaninso chonchi: lembani chizindikiro pa chiganizo chilichonse chimene chikunena za gulu lanu, ndi chizindikiro china pa chilichonse chonena za khitchini yake. Pa zimene mwanditumizira, za khitchini yake palibe ndi chimodzi chomwe. Chaka cha 2016, cholinga chothetsa umphawi, mtengo wa feteleza, mavenda: zonsezi ndi zoona ndipo zimapweteka, koma si zimene zimamusowetsa tulo iyeyo. Chimene chimamusowetsa tulo ndi lole yosafika Lolemba, mbatata yaing'onoing'ono yotaya nthawi posenda, matumba okhala ndi yabwino pamwamba koma yovunda pansi, ndi wogulitsa amene alibe fatura, chikalata choonetsa katundu ndi mtengo wake, yoti ofesi ya ndalama ilipire. Mowatize ndi kotentha, si ngati kwanu kumapiriko. Mbatata imene ku Domwe ingakhale nthawi pamthunzi osasintha, kumeneko imafota ndi kuwola msanga, makamaka ngati inakumbidwa khungu lisanakhwime kapena inaikidwa m'thumba ili yonyowa. Ndiye mawu akuti mbatata yanu imafika patangopita masiku awiri chikumbireni, yosankhidwa kale, ali ndi mphamvu kwa iye kuposa ndime ziwiri za mbiri.

Apa ndi pamene mwana wa mchemwali wanu angakuthandizeni koposa kukupezerani adilesi. Muyimbireni musanalembenso. Mufunseni kuti khitchiniyo imatha matumba angati pa sabata, amaiphika motani, yokazinga kapena yophika mu msuzi, katundu amalandira tsiku liti, ndipo ophika amadandaula chiyani pa mbatata imene akulandira panopa. Ngati amakazinga tchipisi, afuna ikuluikulu yofanana kukula. Ngati akugula kwa amalonda a mumzinda wa Tete, n'kutheka kuti ndi mbatata ya ku Angoniya kapena ku Tsangano komweko imene yadutsa pakhomo pawo, yakafika kumsika, n'kubwereranso makilomita pafupifupi 20. Lole yochokera kwanu imafika ku Mowatize isanafike ku Tete. Mfundo imeneyo njoyenera kulowa m'kalata.

Koma chenjerani pa zinthu ziwiri. Choyamba, musatchule dzina la mnyamatayo asanakuloleni. Makampani ena safuna kuti wantchito azilowetsa abale ake pa malonda, ndipo mzere umodzi wosaganizira bwino ungamuike m'mavuto. Akavomera, nenani poyera kuti ndi mbale wanu, chifukwa zikadzadziwika pambuyo zimaoneka ngati munabisa. Akakana, kalatayo iyime payokha. Chachiwiri, zimene wakuuzani muzigwiritse ntchito posankha zoti mulembe, osati kumuuza bwanayo kuti mwamva kuti mbatata yake ndi yoipa. Ndiye amene anaisankha. Nenani za yanu, iye afananitsa yekha. Za kumutamanda kuti kampani yawo ndi yotchuka dziko lonse, zisiyeni. Sizionetsa kuti mukumudziwa.

Nkhani ya amayi ndi achinyamata musaitaye yonse. Makampani ena ogwira ntchito ndi migodi amafuna kuonetsa kuti akugula kwa alimi a m'chigawo momwemo, ndiye theka la chiganizo lonena kuti ndinu alimi 34 a ku Angoniya, ndi kuti amayi alipo angati, likwanira. Akafuna zambiri afunsa.

Tsopano kumveka. Anthu ambiri amaganiza kuti kalata yomveka ndi yopanda zolakwa pa kalembedwe. Yanu ilibe zolakwa, koma siikumveka, chifukwa pamene panayenera kukhala manambala pali mawu oyamikira. Zungulizani ndi cholembera mawu awa: "yambiri", "yabwino kwambiri", "mtengo wabwino", "mukapeza mpata". Pa lililonse dzifunseni kuti zingati, yotani, ndalama zingati, liti. Ngati yankho simukulidziwa, vuto si la kalata, ndi la gulu, ndipo muyenera kukhala pansi ndi apampando ndi asungichuma musanalembe china.

Tiyeni tiwerengere limodzi, ndi manambala ongoyerekeza amene inu mudzasinthe. Tinene kuti mukufuna kulonjeza matumba 40 pa sabata kwa masabata 12. Amenewo ndi matumba 480. Mukagawa kwa anthu 34, aliyense ayenera kupereka matumba pafupifupi 14 a mbatata yosankhidwa, osati ya mmene yatulukira m'munda. Kodi onse angakwanitse? Kodi adzadikira tsiku la lole, kapena venda akafika ndi ndalama m'manja Loweruka ena adzagulitsa mwamseri? Inu mukuwadziwa anthu anu. Ngati otsimikizika ndi 20 okha, lembani matumba 23 pa sabata. Wogula amakhululuka mtengo wokwera pang'ono, koma sakhululuka sabata imene anadalira inu ndipo anthu anadya mpunga wokhawokha. Nambala ya m'kalata ikhale imene mungaikwanitse pa sabata yoipa.

Liwu lakuti thumba nalonso silimveka lokha. Kumisika ya kwanuko thumba la mbatata limasokereredwa pamwamba mpaka kutalika, ndipo kulemera kwake kumadalira amene wasoka. Khitchini ya kampani imagula pa sikelo. Lembani makilogalamu: matumba a makilogalamu 50, ndiye 40 akhala matani awiri. Kukula kwake nakonso kunenedwe ndi muyeso, monga kuti palibe yochepera masentimita 5 m'mimba mwake, ndipo mutchule mtundu wa mbewu imene mumalima ngati ndi umodzi. Ngati mamembala amalima mitundu yosiyana, nenani kuti simusakaniza m'thumba limodzi, chifukwa mitundu yosiyana siipsa nthawi imodzi.

Pa mtengo ndi pamene magulu ambiri amapsa. Funso si lakuti ndalama zingati lokha, koma ndalama zingati mbatata ili kuti. Tinene kuti thumba pa Domwe mukuligulitsa mametikali 1,000, ndipo lole yonyamula matumba 40 mpaka ku Mowatize ikufuna mametikali 12,000. Thumba lililonse lakwera ndi 300, ndiye pofika pakhomo pa khitchini ndi 1,300, musanawerengere okweza ndi otsitsa, matumba enieniwo, ndi mbatata imene idzakanidwe pa sikelo. Mukalemba 1,000 osanena kuti ndi mtengo wa kumunda, iye awerenga kuti ndi wofikitsa, ndipo mukadzakonza pambuyo muoneka ngati mwakweza mtengo. Ena amati mtengo usalembedwe mu imelo yoyamba. Ine ndimati kwa wogula wotere ulembedwe, chifukwa ndicho chinthu choyamba chimene maso ake akufuna, koma unenedwe kuti ndi wofikitsa kapena ayi ndiponso kuti ukhala choncho mpaka liti. Mtengo wa mbatata umasintha ndi nyengo, ndipo simukufuna kumangidwa mu Ogasiti ndi mawu amene munalemba mu Epulo.

Pali chinthu chimodzi chimene sichili m'kalata yanu konse koma chingathe kutseka khomo chokha: mapepala. Kampani silipira ndalama m'manja ngati venda. Imafuna fatura yokhala ndi NUIT, nambala ija ya msonkho ya manambala 9, ndi akaunti ya ku banki m'dzina la gulu, ndipo makampani ambiri amalipira patapita masiku, kawirikawiri 30, katundu atalandiridwa. Ngati gulu lanu lili ndi zonsezi, chiganizo chimodzi chonena zimenezo chikuikani patsogolo pa ambiri. Ngati mulibe, musaname ndipo musangokhala chete. Pamenepo pempho lija lofunsa mapepala ofunika ndilo likhala loyenera kuposa la matumba awiri. Muwauzenso mamembala za kudikira malipiro kumeneku kalata isanapite, osati lole itabwerako.

Nyemba, kabichi ndi chimanga zichotseni. Zidzalowa mbatata ikatsegula njira.

Mzere wa Assunto ndi mbali ya kumveka komweku, ndipo ndiwo wokha umene mukutsimikiza kuti adzauwerenga. "Pempho la mgwirizano" sakunena katundu, malo kapena kuchuluka, ndipo liwu loyambalo likumuuza kuti wina akufuna kanthu kwa iye. Pa foni amaoneka mawu oyambirira ochepa okha, enawo amadulidwa, ndiye chinthu chenichenicho chikhale kutsogolo: mbatata, Angoniya, matani awiri pa sabata.

Za kutalika sindichedwapo, chifukwa mukakonza zitatu zija kalata imafupika yokha. Mawu 430 atsika kufika pakati pa 120 ndi 150. Muyeso wabwino kuposa kuwerenga mawu ndi foni: dzitumizireni imeloyo, muitsegule pa foni, ndipo muone ngati katundu ndi pempho zikuoneka musanatsitse chala kawiri. Panopa pempho lanu lili pansi pa ndime zinayi. Moni musauchotse, kwathu kuno kalata yopanda moni ndi yamwano, koma mzere umodzi ukwana, ndipo za banja la munthu amene simunamuonepo zisiyeni. Samalaninso kuti podula musadule manambala n'kusiya maulemu. Kalata ya mawu 50 yopanda mtengo ndi tsiku yalephera chimodzimodzi ndi ya 430.

Zophatikiza nazonso ndi kutalika. Chithunzi chimodzi cha foni chimatha kulemera mamegabaiti atatu kapena kuposa, ndiye 14 zidutsa malire a 25 MB amene Gmail imalola. Zikatero imaziika pa Google Drive n'kutumiza ulalo, ndipo antchito a m'makampani ambiri amauzidwa kuti asamatsegule maulalo ochokera kwa anthu osawadziwa. Zithunzi ziwiri zikwana. China chikhale cha mbatata yosankhidwa itayalidwa pa thumba loyera, pambali pake pali bokosi la machesi kuti kukula kwake kuoneke, ndipo imodzi itadulidwa pakati kuti aone kuti m'kati mulibe bowo kapena mawanga. China chikhale cha thumba lili pa sikelo, singano ikuoneka. Zithunzi za mamembala ataima pamzere atavala zitenje zofanana zisungeni, pamodzi ndi malamulo a gulu, mpaka atazifunsa.

Nayi mmene ine ndingailembere, ndi manambala oyerekeza aja:

"Assunto: Mbatata ya ku Angoniya, matani 2 pa sabata, yofikitsa ku Mowatize

Olemekezeka bwana, moni. Ndine mlembi wa gulu la alimi 34 a mbatata ya kachewere ku Domwe, m'boma la Angoniya. Ndikukulemberani chifukwa ndinu amene mumagula zakudya za khitchini ya ku Mowatize.

Kuyambira pa 15 Epulo, kwa masabata 12, tingathe kukubweretserani matumba 40 a makilogalamu 50 sabata iliyonse. Ndi yosankhidwa, yosachepera masentimita 5, ndipo imafika pasanathe masiku awiri chikumbireni. Mtengo ndi mametikali 1,300 pa thumba, titafikitsa pakhomo panu, ndipo sudzasintha mpaka kumapeto kwa Meyi. Gulu lili ndi NUIT ndi akaunti ya ku banki, ndipo timapereka fatura.

Kodi mungatilole kubweretsa matumba awiri aulere Lachiwiri likudzali, kuti ophika anu ayese? Ngati tsikulo silili bwino, tiuzeni lina.

Zikomo kwambiri."

Pansi pake dzina lanu, udindo, dzina la gulu ndi nambala imodzi ya foni imene imayankhidwa, yokhala ndi WhatsApp. M'malo mwa "Lachiwiri likudzali" mudzalembe deti lenileni, chifukwa angaitsegule patapita masiku atatu.

Tiiyesenso ndi mafunso omwe aja, poti kalata yokonzedwa nayo iyenera kuyesedwa. Akati inde, mawa mukudziwa chochita: kusankha matumba awiri ndi kupeza wokwera nawo. Mukaphimba moni, simungaitumize kwa abambo a ku parishi. Ndi ya wogula mbatata ku Mowatize basi. Mawu oyamikira asanduka manambala, ndipo yonse ikwana pa foni. Pofooka pake ndikupaona pamodzi: palibe wina woikira umboni. Ngati munagulitsapo kwa sukulu yogonera, lesitilanti kapena wamalonda wodziwika ndipo anakhutira, mufunseni ngati mungamutchule, n'kuwonjezera mzere umodzi wonena kuti munamugulitsa matumba angati ndi chaka chiti. Ngati simunagulitsepo kwa wotere, musapeke. Matumba awiri aja ndiwo adzakhala umboni.

Mungaone kuti sindinapereke mamalikisi. Ena amakonda kupatsa mfundo iliyonse mamalikisi pa khumi n'kuphatikiza, koma zimenezo zimanyenga. Kalata ingapeze 8 pa kumveka, 8 pa kutalika, 7 pa kumukhudza wolandira ndi 2 pa pempho, n'kuoneka ngati yakhoza, chonsecho siyankhidwa. Funso lililonse liyankhidwe inde kapena ayi, ndipo ayi mmodzi akwanira kuti kalata isapite. Komanso woyesa asakhale inu nokha, chifukwa inu mukudziwa zimene mumafuna kunena ndipo maso anu amadzaza okha mipata. Perekani foni kwa munthu amene si wa m'gulu, awerenge kamodzi, mulande foniyo, ndipo mumufunse kuti akugulitsa chiyani, zingati, ndalama zingati, ndipo akufuna kuti bwanayo atani. Chimene walephera kuyankha ndicho chofunika kukonza.

Kuyesaku mudzakubwereze aphunzitsi akamaliza ntchito yawo. Makalata a ku maofesi kuno ali ndi kalembedwe kake ka maulemu ataliatali, ndipo munthu wozolowera kulembera ku boma angabwezeretse mosadziwa zonse zimene mwachotsa, pempho lija n'kusandukanso "tikuyembekezera mgwirizano wabwino". Auzeni kuti ndi kalata ya malonda, ndime zikhale zitatu zomwezo, ndipo funso lomaliza likhalebe funso lokhala ndi tsiku. Akamaliza akuwerengereni m'Chichewa kuchokera pa zimene alembazo, osati pa pepala lanu. Yang'anitsitsani manambala: m'Chipwitikizi mtengo uja ulembedwa 1.300,00 MT, dontho pamene ife taika mpatuliro, ndipo 1,300 akasiyidwa momwemo angasokoneze wowerenga. Pa Assunto alembe batata-reno, dzina limene ogula amaidziwira, kuti asaganize kuti ndi ya kholowa.

Tumizani kwa munthu mmodziyo, m'mawa wa tsiku la ntchito, kuchokera pa adilesi yokhala ndi dzina lanu kapena la gulu, osati ya mwana wanu yokhala ndi dzina la timu ya mpira. Ikatha sabata osayankhidwa, lembani mizere iwiri pansi pa imelo yomweyo, kuti yoyamba ioneke m'munsi mwake, ndipo mutchule tsiku lina la matumba awiri aja. Kachiwiri kakadutsanso phee, funsani mwana wa mchemwali wanu ngati adilesiyo ikugwirabe ntchito ndiponso ngati kampaniyo ili kale ndi wogulitsa amene inasainirana naye. Ngati ilidi naye, funso loyenera kutumiza ndi lakuti mgwirizano umenewo utha mwezi uti. Pamene mukudikira, kalata yomweyi, mutasintha mzere wonena za khitchini yawo, kuchuluka kwa matumba ndi mtengo wa lole, ingapite kwa ogula zakudya a m'mahotela a mumzinda wa Tete, aliyense yakeyake.